Kukweza mtengo wa mazira popanda kubalalitsa makasitomala: kalembedwe ka uthenga wake

Chiyambireni kuweta nkhuku zoikira kuno ku Luchenza, funso limene anzanga ochita malonda amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti, "Kodi inu mukafuna kukweza mtengo mumawauza bwanji anthu anu?" Ndayankha pamsika, ndayankha m'minibasi ya ku Limbe, ndayankhanso ku maliro komwe, ndiye lero ndati ndingolemba kamodzi. Chitsanzo changa ndi mazira chifukwa ndi amene ndimawadziwa, koma wogulitsa mkaka ku Bvumbwe kapena telala wa pa Chitakale angotengapo zimene zikumuyenera.

Ndinaphunzira movutikira. Mu Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, chakudya cha nkhuku chinakwera mosayembekezeka, ine n'kukweza thireyi usiku womwewo osauza munthu. Kutacha, mayi wina wa lesitilanti amene ankatenga kwa ine mlungu uliwonse anatuma mwana ndi ndalama zowerengera kale pa mtengo wakale. Mwana uja anabwerera ndi mathireyi operewera. Mayiwo sanakalipe, sanaimbe foni, anangosiya kutuma mwana. Nditakumana nawo patapita miyezi anati, "Achimwene, zoti zinthu zakwera tonse tinamva pa wailesi. Koma ine kukamva kwa mwana ngati mlendo?" Mtengo anali atauvomereza kale mumtima. Chimene chinawapweteka ndi njira imene anaumvera.

1. Werengerani kaye musanagwire foni

Mtengo wachilungamo ndi umene mungaufotokoze ndi cholembera pamaso pa kasitomala popanda kuchita chibwibwi. Manambala ali m'munsimuwa ndi achitsanzo chabe, inu muikemo anu a lero.

Nkhuku yoikira imadya magalamu pafupifupi 120 patsiku. Nkhuku 100 ndiye kuti zimadya makilogalamu 12, ndipo thumba la makilogalamu 50 limatha masiku anayi ndi kachidutswa. Ngati zikuikira bwino, mazira 80 patsiku, thumba limodzi limakupatsani mathireyi pafupifupi 11 a mazira 30. Tinene kuti thumba linali K60,000, lafika pa K72,000. Kukwera kwa K12,000 kumeneku mukakugawa pa mathireyi 11, thireyi iliyonse yalemera ndi K1,090. Onjezani kukwera kwa thiransipoti yobweretsera thumbalo kuchokera ku Limbe, mwina K100 pa thireyi. Zonse pamodzi ndi pafupifupi K1,200. Thireyi imene inali K9,000 ifike pa K10,200.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amati, "Chakudya chakwera ndi 20 peresenti, ndiye nanenso ndikweza ndi 20 peresenti," thireyi n'kufika pa K10,800. Koma si zonse za mu K9,000 ija zimene zakwera. Khola silinakwere, zomwera madzi ndi zomwe zija. K600 yapamwambayo mwangoisomekapo, ndipo wa golosale amene amadziwa mtengo wa thumba adzaiona. Ngati mukufunadi kuwonjezera phindu lanu chifukwa nanunso sopo ndi fizi zakukwererani, palibe cholakwa, koma dziwani nokha kuti gawo ili ndi la chakudya, ili ndi langa, kuti mukafunsidwa musaname.

Kulakwitsa kwina ndi kwa anthu amtima wabwino. Amachita manyazi n'kukweza K400 yokha, pakatha milungu itatu K400 ina, kenako inanso. Kasitomala amapirira kukwera kumodzi kofotokozeka, koma mauthenga atatu m'miyezi iwiri amamuchititsa kuganiza kuti mukumuyesa kuti muone pamene alirire. Kwezani kamodzi mokwanira.

Chenjezo limodzi: musakhale pansi ndi alimi anzanu kugwirizana kuti nonse mukweze tsiku limodzi pa mtengo umodzi. Kupangana mitengo koteroko malamulo a mpikisano pa malonda amakuletsa, ndipo bungwe la CFTC linakhazikitsidwa kuti liziyang'anira zoterezi. Aliyense awerengere khola lake.

2. Sankhani tsiku, ndipo mupereke nthawi

Amene amatenga mlungu uliwonse muwapatse milungu iwiri, kuti agule kawiri pa mtengo wakale akudziwa kale za watsopano. Tsiku loyambira likhale lenileni, la dzina ndi deti: Lolemba pa 1 Julaye. Mawu akuti "posachedwapa" kapena "mwezi wamawa" amabala mkangano, chifukwa wina adzabwera pa 3 n'kunena kuti ankaganiza kuti ndi kumapeto kwa mwezi. Ngati anthu anu ambiri ndi ogwira ntchito m'maesiteti a tiyi kapena aphunzitsi, mtengo watsopano uyambe atangolandira malipiro, osati m'masiku amene m'thumba muli mphepo yokhayokha.

3. Gawani anthu anu: ena sauzidwa pa foni

Tsegulani kope lanu la malonda. Mupeza kuti anthu atatu kapena anayi ndi amene amatenga theka la mazira anu onse. Amenewa ndi opikula, kutanthauza ogula ambiri kuti akagulitsenso kapena akaphikire malonda: wa golosale, wa lesitilanti, mayi wophika zitumbuwa ndi makeke. Awa mupite nokha, tsiku limodzi kapena awiri uthenga wa onse usanatuluke. Ena onse, ogula thireyi imodzi ya pakhomo, uthenga wa pa foni ukwanira. Achikulire amene kuwerenga kumawavuta muwaimbire kapena muwatumizire uthenga wa mawu.

Musalengeze pa sitetasi ya WhatsApp basi n'kumati mwauza anthu. Sitetasi imafufutika pakatha maola 24, ndipo amene analibe bandulo tsiku limenelo sanaione. Musalembenso m'gulu limene muli makasitomala onse, chifukwa munthu mmodzi akangoyamba kudandaula, ena amene akanavomera mwakachetechete amalowerera, nkhani n'kusanduka bwalo la milandu. Ngati mugwiritsa ntchito New broadcast, njira ya pa WhatsApp yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri, kumbukirani kuti uthengawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Ine ndimatumiza kwa mmodzimmodzi, ndikuyamba ndi dzina lake. Anthu makumi atatu ndi ntchito ya ola limodzi madzulo.

4. Lembani uthengawo

Muli zinthu zisanu zokha: moni, mtengo wakale ndi watsopano, tsiku loyambira, chifukwa chimodzi, ndi chimene sichikusintha. Wanga umakhala chonchi:

"Mwaswera bwanji mayi? Ndati ndikudziwitseni nthawi ikadalipo kuti kuyambira Lolemba pa 1 Julaye thireyi ya mazira idzakhala K10,200 kuchoka pa K9,000. Thumba la chakudya cha nkhuku lakwera kuchoka pa K60,000 kufika pa K72,000. Kufikira pa 30 Juni mupitiriza kutenga mathireyi anu a nthawi zonse pa mtengo wakale. Kukubweretserani pakhomo Lachiwiri ndi kusintha dzira losweka zipitirira monga kale. Zikomo chifukwa chotigula nthawi yonseyi."

Taonani zimene mulibemo. Mulibe "pepani" kasanu. Kupepesa kwambiri kumamveka ngati munthu amene akudziwa kuti walakwa, ndipo kumaitana kunenerera. Mulibe mawu akuti "zinthu zavuta" kapena "chuma sichili bwino", chifukwa aliyense amanena zomwezo, ngakhale wokweza mwaumbombo. Mtengo wa thumba ndi chinthu chimene munthu angakafunse yekha kusitolo n'kupeza kuti simunaname. Mulibenso nkhani za pakhomo panu. Fizi ya mwana wanu ndi yoona, koma kasitomala nayenso ali ndi ana, ndipo mukayamba kupikisana mavuto simupambana.

Mawu akuti "mathireyi anu a nthawi zonse" ndawaika dala. Mukapanda kutero, munthu amene amatenga mathireyi awiri adzafuna khumi pa 29 Juni kuti akagulitse pa mtengo watsopano, ena n'kusowa mazira. Ndipo musalonjeze kuti "sitidzakwezanso chaka chino". Mtengo wa chimanga ndi soya suli m'manja mwanu.

Kwa amene ali ndi foni ya mabatani, fupikitsani kuti ukwane mu SMS imodzi ya zilembo 160, chifukwa uthenga wautali nthawi zina umafika moduka: "Moni bambo. Kuyambira pa 1 Julaye thireyi ya mazira ndi K10,200 (inali K9,000) kaamba ka kukwera kwa chakudya cha nkhuku. Zikomo potigula."

Tumizani madzulo anthu ataweruka, osati m'mamawa pamene wa lesitilanti ali pamoto.

5. Wopikula ndi kope la ngongole

Apa ndikhalitsapo, chifukwa uthenga wolembedwa bwino aliyense angakopere, koma makasitomala amatayikira pano.

Tiyambe ndi wopikula. Pali bambo wina wa golosale amene amatenga mathireyi asanu mlungu uliwonse. Pa K9,000 dzira limamufikira pa K300, iye n'kumagulitsa K350, ndiye kuti thireyi imamubweretsera K10,500, phindu K1,500. Tsopano ndikamuuza K10,200, m'mutu mwake amachotsera pa K10,500 ija n'kuona K300 yokha. Dzira limodzi likasweka, wagwira ntchito yaulere. N'chifukwa chake nkhope imagwa. Iye sakuganiza za nkhuku zanu, akuganiza za mayi amene adzaima pawindo la golosale n'kufunsa kuti dzira lakwera liti.

Ndiye ndimapita ndi cholembera. Ndinakhala naye pabenchi kuseri kwa kauntala, nthawi ya masana kulibe anthu, n'kunena kuti, "Achimwene, ndabwera ndekha kuti musamve kwa ena. Pa 1 thireyi ikwera kufika K10,200. Koma tiyeni tiwerengere limodzi mbali yanu." Dzira lizimufikira pa K340. Akagulitsa K400, thireyi ibweretsa K12,000, phindu K1,800, kuposa kale ndi K300. Anayang'ana pepala lija kwa kanthawi n'kuti, "Zoona, koma nanga mpamba?"

Funso limenelo ndiye linali vuto lenileni, ndipo ndikanangotumiza uthenga pa foni sindikanalimva. Mpamba ndi ndalama imene munthu amazungulitsa pa malonda, yoodera katundu, yosiyana ndi phindu. Mathireyi asanu anali K45,000, tsopano ndi K51,000. K6,000 yowonjezerayo iyenera kuchoka penapake mazira asanagulitsidwe, ndipo m'golosale yaing'ono ndiye kuti shuga kapena mafuta ophikira achepa pashelefu. Tinagwirizana kuti milungu iwiri yoyamba azipereka K45,000 polandira mazira, K6,000 yotsalayo azitumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba Loweruka akagulitsa. Mtengo sindinatsitse ngakhale tambala. Ndinangomupatsa mpata wopumira, ndipo mlungu wachitatu anayamba kulipira zonse pamodzi.

Chimene simuyenera kuchita ndi kumutsitsira mobisa n'kumuuza kuti asauze munthu. Kuno tonse timakumana kutchalitchi, kuchigayo ndi kumsika, ndipo chinsinsi cha mtengo sichigona masiku atatu. Wa lesitilanti akadzamva kuti wa golosale akutenga pa K9,700, simudzataya K500 yokha, mudzataya chikhulupiriro chake pa mtengo uliwonse umene mudzatchule m'tsogolo. Ngati mukufuna kuti ogula ambiri azipeza mpumulo, likhale lamulo loyera kwa onse: wotenga mathireyi asanu kapena kuposa, mtengo ndi wakuti. Aliyense adziwe, ndipo aliyense wofika pa asanu aupeze. Kapena perekani basela, kaja kowonjezera kaulere, monga mazira ang'onoang'ono a nkhuku zongoyamba kuikira kumene, amene ambiri sakonda kugula pa mtengo wathunthu. Basela amakoma mtima koma sagwetsa mtengo.

Tsopano kope la ngongole. Pafupifupi tonse tili nalo: aphunzitsi, anamwino, akalaliki a ku esiteti amene amatenga mwezi wonse n'kulipira akalandira. Malamulo anga ndi atatu ndipo sindiwaphwanya.

Mazira amene munthu anatenga kale amalipira pa mtengo wa tsiku limene anatenga. Ngati aphunzitsi anatenga mathireyi atatu mu Juni, ngongole yawo ndi K27,000, ngakhale adzalipire pa 5 Julaye. Ndikudziwa kuti zimawawa, chifukwa ndalama imeneyo ikafika sigulanso chakudya chimene ikanagula. Koma kukweza ngongole yakale ndi kusintha pangano munthu atadya kale, ndipo palibe amene amaiwala zimenezo. M'kope jambulani mzere pansi pa 30 Juni, mulembe chiwonkhetso, mwini wake aone ndi maso ake. Za pansi pa mzere ndi za mtengo watsopano.

Amene analipiriratu, mwachitsanzo mayi wa makeke amene anapereka ndalama ya mathireyi a ukwati wa mu Julaye, alandire pa mtengo umene analipira. Ndalama yake munaigwiritsa kale ntchito pamene thumba linali lotsika.

Lachitatu ndi limene ambiri amagwa nalo: musaphatikize kukumbutsa ngongole ndi kulengeza mtengo mu uthenga umodzi. "Thireyi yakwera, komanso musaiwale K27,000 ija" amamveka ngati mukumulanga chifukwa cha ngongoleyo. Munthu amachita manyazi, ndipo wamanyazi sabwera kudzakangana, amangoyamba kudzera njira ina n'kumagula kwina ndi kashi, ngongole yanu ili chikhalire. Mwataya kasitomala ndi ndalama yomwe. Lengezani mtengo lero, za ngongole mudzakambe pa tsiku lake la malipiro monga mumachitira nthawi zonse.

Nanga achibale? Alamu anu adzati, "Ifenso mpaka K10,200?" Yankho langa limakhala lakuti, "Alamu, mtengo ndi umodzi kuti ndisasokoneze kope. Koma awa asanu ndi a ana, musawerengere." Mphatso ikhale mphatso, ioneke kuti yachoka m'manja mwanu. Mukangowatsitsira mtengo, mawa adzatuma anzawo kuti akagule m'dzina lawo.

6. Mayankho akayamba kubwera

Ambiri adzangoti "Chabwino, tamva." Ena adzati, "Koma kwa uje thireyi ikadali K9,500." Musanyoze mnzanuyo ndipo musatsutse, mwina akugulitsadi choncho chifukwa akadali ndi matumba akale. Ine ndimati, "N'zotheka mayi, ndipo mukakagula kumeneko sindidandaula. Kwa ine ndi K10,200, kubweretsa pakhomo ndi kusintha losweka zili momwemo. Mukafuna Lachiwiri mungondiuza." Mukatero mwasiya khomo lotsegula, ndipo munthu akadzabwerera sayenera kuyamba ndi kupepesa. Ambiri amabwerera matumba akale a mnzanu uja akatha.

Wokalipa musamuyankhe polemba. Mawu olembedwa alibe nkhope, ndipo amatha kujambulidwa n'kutumizidwa kwa ena. Dikirani kufikira mawa, muimbe kapena mupite.

Woopsa kwambiri ndi wachete, ngati mayi wa lesitilanti uja. Pa WhatsApp mwaona kuti wawerenga, koma sanayankhe, ndipo Lachiwiri lake ladutsa osaitanitsa. Musadikire mwezi. Akadumpha ulendo umodzi wokha, muimbireni ngati mmene mumaimbira kale: "Mayi, ndikudutsa cha kwanuko mawa, ndikusungireni angati?" Za mtengo musayambe ndinu. Nthawi zambiri mupeza kuti sanakwiye, koma ndalama ya thireyi yathunthu yamukulira ndipo akuchita manyazi kunena. Apa ndi pamene theka la thireyi limapulumutsa: mazira 15 pa K5,100. Mtengo wa dzira ndi womwewo, K340, koma munthu akupitiriza kudya mazira anu mpaka zinthu zitamuyendera.

7. Tsiku likafika

Pa 1 Julaye mtengo ukwere kwa aliyense, m'mawa womwewo. Mukayamba kunena kuti "lero lokha tengani pa wakale", amene analipira watsopano ola lapitalo mwamupusitsa. Uzani mnyamata wa kabaza amene amakuperekerani mazira, ndi aliyense wogulitsa pakhomo inu mukachoka, kuti pasakhale mitengo iwiri pa khola limodzi. Konzeranitu chenji cha ma K100 ndi ma K200, chifukwa K10,200 imavuta kubweza kuposa K9,000, ndipo mawu akuti "chenji mudzatenga mawa" pa tsiku loyamba la mtengo watsopano samveka bwino.

Milungu yoyambayi yang'anitsitsani katundu wanu kuposa kale. Munthu amene walipira K1,200 yowonjezera amatsegula thireyi ndi diso lina: dzira lakuda ndi zitosi, laling'ono losakanikirana ndi akuluakulu, kapena kufika Lachitatu m'malo mwa Lachiwiri, zonsezi zimene kale ankangozilekerera tsopano aziwerenga. Ndipo musayese kubweza ndalama posakaniza chakudya cha nkhuku ndi madeya ambiri. Nkhuku zimachepetsa kuikira, zikamba za mazira zimapepuka, ndipo mudzasintha osweka ambiri kuposa zimene mwapulumutsa.

Pepala lija munawerengerapo mu sitepe yoyamba musataye. Nthawi yokolola chimanga ndi soya zikatsika, thumba nalo nthawi zina limatsikako. Munauza anthu kuti mwakweza chifukwa cha thumba, ndipo wa golosale uja mtengo wa thumba amaudziwa. Likadzatsika kufika pa K66,000, werengeraninso chimodzimodzi: K6,000 kugawa pa mathireyi 11 ndi pafupifupi K550, ndiye thireyi ibwerere pa K9,650, ndipo uthenga wake mutumize kwa mmodzimmodzi monga munachitira pokweza.